Kanyali kofiira pa rauta: vuto lili m'nyumba kapena kwa eni intaneti?

Magetsi abwera, firiji yayamba kulira, mafoni ali pa chaji, koma intaneti palibe. Mukasuzumira pa rauta mukupeza kanyali kofiira kakuphethira. Zikatere anthu ambiri amazimitsa ndi kuyatsa kangapo, ndipo zikakanika amatenga chotokosera m'mano n'kubaya kabowo kolembedwa RESET. Kuzimitsa ndi kuyatsako kulibe vuto. Kabowoko ndiye chonde musakakhudze. Kamafufuta zonse zimene amisiri a kampani analowetsa mu rauta tsiku lomwe anakulumikizani, kuphatikizapo dzina ndi mawu achinsinsi olowera pa netiweki yawo. Mutha kupezeka kuti kampani yakonza vuto lake, anansi onse ali pa intaneti, inu nokha mukudikirabe mmisiri.

Ntchito yoyamba ndi kuwerama n'kuwerenga mawu amene alembedwa pafupi ndi kanyali kofiirako. Tinyali ta pa rauta tili ndi mayina, ndipo kalikonse kamanena za mbali yakeyake. Pa rauta ya faiba, imene waya wake woonda amachokera pa polo kapena pansi pa nthaka, kawirikawiri mupeza POWER, PON, LOS, LAN ndi WLAN. Zonse zikakhala bwino POWER ndi PON timayaka mobiriwira osaphethira, pomwe LOS kamakhala kozima. Kamene kamafiira ndi LOS, ndipo uthenga wake ndi umodzi wokha: kuwala kochokera ku makina a kampani sikukufika mu rauta, kapena kukufika kofooka kwambiri.

Inde, kuwala. Mu waya wa faiba simuyenda magetsi. M'kati mwake muli kaulusi ka galasi koonda ngati tsitsi, ndipo uthenga umayenda mmenemo ndi kuwala kumene maso athu sakuona. Kuwalako kumachokera ku makina a kampani, amene atha kukhala pa mtunda wofika makilomita 20, ndipo m'njira kumagawidwa kuti ulusi umodzi utumikire nyumba 32 kapena 64. Timabokosi togawira kuwala timene mumationa pa mapolo sitidya magetsi. Musungeni mfundo imeneyi, ithandiza kutsogoloku.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu. Foni imaonetsa kuti waifai yadzaza, munthu n'kumati ndiye intaneti ilipo, mwina foni ndiyo yavuta. Waifai imangolumikiza foni yanu ndi rauta, m'nyumba momwemo. Zili ngati mapaipi a m'nyumba: atha kukhala abwinobwino, koma ngati a madzi atseka kumtunda, pa mpopi sipatuluka kanthu. Choncho musataye nthawi ndi kusintha mawu achinsinsi a waifai kapena kuyendayenda ndi foni m'zipinda. LOS kakafiira vuto silili kumeneko.

Titengere nyumba ina mu mzinda wa Blantyre, madzulo a tsiku la mvula ya mphepo. Magetsi anathima masana, abwera, ndipo LOS kakuphethira.

Mwini nyumba ayambe ndi magetsi, osati chifukwa ndiwo amafiiritsa LOS kawirikawiri, koma chifukwa rauta yosalandira mphamvu yokwanira imachita zinthu zosadziwika bwino ndipo tinyali take simungatikhulupirire. Azule adaputa pa soketi, adikire masekondi 30, abwezeretse, kenako asiye rauta kwa mphindi zitatu osaikhudza. Imafuna nthawi kuti idzuke ndi kudziwana ndi makina a kampani. Pa mphindi zitatuzo maso akhale pa POWER. Kakayaka n'kukhazikika, mbali ya magetsi ili bwino. Koma tinyali tonse tikamayaka, kuzima, n'kuyambiranso pakapita kanthawi, kayikirani adaputa. Magetsi akamabwera mwamphamvu atathima, kapena kukachita mphezi, chimene chimayamba kuvulala ndi adaputa, ndipo nthawi zina siifa yonse, imangofooka. Yesani soketi ina ya pakhoma, osadzera pa ekisitenshoni, chifukwa maekisitenshoni otchipa amalekeza mkati.

Pogula adaputa ina pamafunika kusamala. Tembenuzani rauta, pansi pake pali kapepala konena mphamvu imene imafuna. Zambiri zimalembedwa 12V 1A kapena 12V 1.5A. Nambala yoyambayo ifanane ndendende. Yachiwiriyo itha kukhala yokulirapo koma isachepe. Adaputa ya laputopu nthawi zambiri imatulutsa mavolti 19, ndipo ngakhale mutu wake utalowa bwino, itha kuotcha rauta pomwepo. Ine ndikanakonda munthu anyamule adaputa yakaleyo popita ku shopu kusiyana ndi kudalira pamtima.

M'nyumba ya ku Blantyre ija POWER kakhazikika, koma LOS kakufiirabe. Tsopano ndi nthawi ya waya. Kumbuyo kapena pansi pa rauta kuli waya woonda, kawirikawiri wachikasu kapena woyera, wokhala ndi mutu wa ngodya zinayi, wobiriwira kapena wabuluu. Ukankheni pang'ono ndi chala kuti muone ngati unalowa mpaka kumapeto. Mutu umenewu ukangobwerera pang'ono chabe, mwina wina anasuntha rauta posesa kapena mwana anakoka, kuwala kumasochera. Ngati mwauzula, musauyang'ane kunsonga. Kuwala kwake sikuoneka koma kutha kuvulaza diso. Musaupukutenso ndi chala kapena nsalu ya malaya, ndipo musauuzire ndi pakamwa, pakuti kadothi kochepa kapena mafuta a pa chala amakwanira kutchinga njira ya kuwala. Mitu yobiriwira ndi yabuluu siilowana m'malo: wobiriwira unadulidwa mopendekeka kunsonga, wabuluu ayi, ndipo kuphatikiza iwiriyi kumataya kuwala kwambiri.

Kuchoka apo tsatirani wayayo ndi maso ndi dzanja, pang'onopang'ono, mpaka pamene watulukira kunja. Apa m'pamene mavuto ambiri a m'nyumba amabisala. Waya wa magetsi mutha kumupinda, kumumanga mfundo, iye n'kumagwirabe ntchito. Wa faiba salola zimenezo. Ukapindidwa mothina kuwala kumathawira pa khonapo, ndipo ukapanikizidwa kwambiri galasi la mkati limathyoka pamene chikopa chakunja chikuoneka chabwinobwino. N'chifukwa chake amisiri amakulunga waya wotsala m'mizere yaikulu yotakasuka, ndipo wina akabwera n'kuumanga zolimba ndi lasitiki kuti pakhale paukhondo, wayambitsa vuto. Onani pansi pa chitseko, kuseri kwa kabati, pansi pa mwendo wa mpando, pa zenera pamene analowetsera. Onaninso mano a makoswe, makamaka ngati waya anadutsa m'siling'i. Mukapeza popindika, wongolani mofatsa n'kudikira mphindi imodzi. LOS kakazima, PON n'kuyamba kuphethira kenako kukhazikika, mwathana nazo. Mukapeza poduka, palibe chimene mungachite nokha. Faiba siilumikizidwa popotokola ndi kukulunga tepi. Pamafunika makina owotcherera galasi kapena mutu watsopano, ndipo imeneyo ndi ntchito ya amisiri a kampani.

Tinene kuti m'nyumbamo waya alibe chilema. Mwini nyumba atuluke panja, ayang'ane waya wochokera pa polo. Kodi nthambi ya mango yamugwera? Kodi akulendewera chifukwa lole yaitali yamukoka? Kodi pali amene akukumba ngalande mumsewu? Angoona ndi maso basi. Kukwera polo ayi, chifukwa mawaya amenewa nthawi zambiri amayenda moyandikana ndi a magetsi.

Ndiye afunse mnansi amene ali pa kampani yomweyo. Funso limeneli ndi la mphindi imodzi koma limadula nkhani. Paja tinati ulusi umodzi umagawidwa ku nyumba zambiri ndipo timabokosi ta pa mapolo sitidalira magetsi. Ngati kwa mnansi LOS kafiiranso, ndiye waya wamkulu waduka penapake kapena makina a kampani azima, mwina mabatire awo atha chifukwa cha kuthima kwa magetsi kwa nthawi yaitali. Ngati kwa mnansi zonse zili bwino, vuto lili pakati pa kabokosi ka pa polo ndi rauta yanu, kapena mu rauta momwemo. Mu chitsanzo chathu mnansi ali pa intaneti, ndipo waya wa pa polo akuoneka atatsika pamene panagwa nthambi. Yankho lapezeka, ngakhale kukonza kudikira amisiri.

Amene sachita mantha ndi kompyuta atha kuona kuchuluka kwa kuwala kumene kukufika. Pa kapepala ka pansi pa rauta pamalembedwa adiresi yolowera, monga 192.168.100.1 pa marauta ambiri a faiba a Huawei, kapena 192.168.1.1 pa ena. Mukalowa fufuzani mawu akuti Rx Optical Power. Nambala yabwino imakhala pakati pa -8 ndi -27 dBm. Ikamayandikira -27 kapena kupitirira, kunena -29, kuwala kukufika kofooka, ndipo m'pamene intaneti imabwera ndi kupita, LOS n'kumafiira nthawi zina zokha. Zotere zimaloza ku waya wopindika, mutu wakuda kapena polumikizira pamene palowa madzi. Makampani ena amatseka tsamba limeneli, choncho mukakanizidwa musadandaule.

Nthawi zina intaneti imasowa LOS kali kozima ndipo PON kali kobiriwira. Pamenepo waya wanu alibe mlandu. Onani kaye ngati mwezi umene munalipira sunathe. Ngati ndalama zili bwino, vuto lili kutali. Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, ndipo intaneti yathu imadzera m'maiko oyandikana nawo kukafika ku mawaya a pansi pa nyanja. Pa 12 Meyi 2024 mawaya a EASSy ndi Seacom ataduka kufupi ndi gombe la South Africa, intaneti inavuta kuno ndi m'maiko ena a kum'mawa kwa Africa, koma kuduka kotere sikufiiritsa LOS m'nyumba ya munthu.

Kwa amene rauta yawo ndi ya simukadi, nkhani ndi yaifupi chifukwa palibe waya wa faiba. Pa marauta ambiri otere kanyali kofiira kamanena kuti simukadi siikuwerengeka kapena netiweki siikupezeka. Zimitsani, chotsani simukadi, ibwezereni bwino, yatsani, ndipo ikani rauta pa zenera. Zikakanika yesani simukadi ya kampani yomweyo mu foni, pa malo omwewo. Foni ikasowanso netiweki, ndi nsanja yawo imene yavuta.

Poimbira kampani musangoti intaneti sikugwira, chifukwa adzakuuzani kuzimitsa ndi kuyatsa, zimene mwachita kale. Auzeni kuti POWER kakhazikika, LOS kakuphethira mofiira kuyambira nthawi yakuti, waya wa m'nyumba mwamuona, mnansi ali pa intaneti kapena ayi, ndipo ngati pali nthambi kapena ngalande itchuleni ndi malo ake. Musadule foni asanakupatseni nambala ya dandaulo lanu, ndipo muilembe pamodzi ndi tsiku. Masiku akamapita popanda chochitika pomwe inu munalipira mwezi wonse, nambala imeneyo ndiyo mudzapite nayo ku bungwe la MACRA, limene limalandira madandaulo a anthu ogwiritsa ntchito mafoni ndi intaneti m'dziko muno.