Msongolo Ukayamba Kupweteka: Mtima Wazolowera Kuthamanga, Koma Fupa Silinazolowere

Tiyerekeze kuti mayi wina wa zaka 38 wauzidwa kuchipatala kuti magazi ake ayamba kuthamanga mopitirira muyezo, ndipo ayenera kuchepetsako thupi. Iye akuganiza zoyamba kuthamanga m'mamawa. Mlungu woyamba akuthamanga masiku atatu, makilomita 2 tsiku lililonse, ndipo akubwerako ali wefuwefu. Mlungu wachiwiri phuma lachepa, choncho akuthamanga masiku asanu, makilomita 3 patsiku. Pofika mlungu wachitatu akumva kupepukidwa, ndipo akuthamanga masiku 6, makilomita 5 patsiku, m'mphepete mwa msewu wa phula, atavala nsapato zakaunjika zimene zinadyeka kale kuchidendene.

Kenako msongolo ukuyamba kuwawa. Poyamba ululu ukubwera akangoyamba kuthamanga, ndipo thupi likatentha ukuzimiririka. Patapita masiku ochepa sukuchokanso, ndipo m'mawa akumaumva ngakhale potsika masitepe a pakhonde.

Tikawerengera, mayiyu anachoka pa makilomita 6 pamlungu kufika pa 15, kenako pa 30. Pa milungu itatu yokha, ntchito ya miyendo yake inachuluka kasanu. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kupweteka kwa msongolo kwa anthu ongoyamba kumene kuthamanga.

Chimachitika n'chiyani m'kati mwa mwendo?

Pakati pa bondo ndi kakolo pali mafupa awiri. Lalikulu, limene mumalikhudza kutsogolo kwa mwendo, madokotala amalitcha tibiya, ndipo ndi limene limasenza pafupifupi kulemera konse kwa thupi. Pothamanga, phazi limamenya pansi ndi mphamvu yoposa kulemera kwanu kawiri kapena katatu. Munthu wothamanga mwapang'onopang'ono amaponda pansi maulendo oposa 150 pamphindi imodzi, kutanthauza kuti pa mphindi 30 amaponda maulendo oposa 4,500. Nthawi iliyonse fupa lija limapindika pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso, ndipo minofu ya m'katumba imakoka kakhungu kamene kamakuta fupalo.

Zimenezi pazokha si zoipa. Fupa ndi chinthu chamoyo, ndipo likamagwiritsidwa ntchito limalimba. Koma limalimba mofanana ndi mmene timakonzera khoma long'aluka: mmisiri amayamba wagumula njerwa zofooka asanaike zatsopano. Thupi nalo limayamba ndi kuchotsa tizigawo ta fupa totopa, ntchito imene imatenga milungu ingapo, kenako limamanga fupa latsopano, ndipo kumangako kumatenga miyezi. Pakati pa kugumula ndi kumanga, fupa limakhala lofookerapo kuposa mmene linalili poyamba.

Mtima ndi mapapo sizichedwa choncho. Pa milungu iwiri kapena itatu munthu amayamba kuona kuti sakubanikanso, ndiye amaganiza kuti thupi lonse lazolowera. Amawonjezera mtunda pa nthawi yeniyeni imene fupa lili pakati pokonzedwa. Ululu wa msongolo ndi chizindikiro chakuti kuwonongeka kukuchitika mofulumira kuposa kukonza.

Pali zinthu zina zimene zimawonjezera vutoli. Limapezeka kawirikawiri kwa amayi kuposa abambo, kwa anthu onenepa, kwa amene phazi lawo limapendekera kwambiri m'kati akaponda, ndiponso kwa amene anadwalapo msongolo m'mbuyomu. Nsapato zotha, kuthamanga motsetsereka ndiponso kuponya phazi patali kwambiri kutsogolo zimathandiziranso. Komabe chachikulu pa zonsezi ndi kuchulukitsa mtunda mofulumira.

Dziwani kaye ngati fupa silinang'aluke

Musanayambe kudzisamalira nokha kunyumba, khalani pansi, pindani bondo, ndipo yendetsani chala m'mbali mwa fupa la msongolo, mbali yoyang'anizana ndi mwendo winawo, kuyambira pamwamba pa kakolo kukwera m'mwamba. Ngati ndi kupweteka wamba kwa msongolo, ululu umakhala wofalikira pa dera lotalika masentimita 5 kapena kuposa, nthawi zambiri chakumunsi kwa mwendo. Kawirikawiri miyendo yonse iwiri imawawa, ndipo mukapuma ululu umachepa.

Koma ngati ululu uli pamalo amodzi amene mungawaphimbe ndi nsonga ya chala, ngati patupa, ngati mukumva kuwawa usiku muli chigonere, kapena simungathe kudumpha ndi mwendo umodziwo, n'kutheka kuti fupa layamba mng'alu. Zikatero lekani kuthamanga ndipo pitani kuchipatala. Dziwaninso kuti pa milungu iwiri kapena itatu yoyambirira mng'alu wotere nthawi zambiri suoneka pa chithunzi cha ekisire. Choncho ngati chithunzi sichinaonetse kanthu koma ululu ukupitirira, bwereraninso kwa dokotala. Pitaninso kuchipatala ngati pothamanga mwendo ukumangika ngati ufuna kuphulika, phazi n'kumachita dzanzi, kapena ngati katumba watupa n'kutentha, chifukwa amenewa ndi mavuto ena.

Gawo loyamba: chepetsani katundu

Tibwerere kwa mayi uja, ndipo tinene kuti ululu wake ndi wofalikira. Choyamba ayenera kuleka kuthamanga, koma osati kungokhala. Akhoza kupalasa njinga kapena kusambira, chifukwa masewera amenewa amalimbitsa mtima popanda kumenyetsa phazi pansi. Kuyenda kulibe vuto ngati sikukuyambitsa ululu. Madzi oundana okulunga m'kansalu, oikidwa pamalo owawa kwa mphindi 15 mpaka 20, amachepetsa ululu, ngakhale kuti sachiritsa fupa. Chinthu chimene sayenera kuchita ndi kumwa mankhwala opha ululu kuti athe kuthamanga, pakuti kumeneko n'kutseka pakamwa mlonda amene akukuwa kuti kwabwera akuba.

Pa nthawi yomweyi ayambe kulimbitsa katumba, chifukwa minofu yolimba imalandirako mphamvu imene ikanagwera pafupa. Aime atagwira khoma, anyamuke n'kuima ndi zala za kumapazi, kenako atsike pang'onopang'ono akuwerenga mpaka katatu. Achite zimenezi maulendo 15, apume, abwereze mpaka zikwane zigawo zitatu. Akatero achitenso chimodzimodzi mawondo atapindika pang'ono, kuti mnofu wam'kati mwa katumba nawonso ugwire ntchito. Zikayamba kuphweka, azichita ndi mwendo umodzi.

Kodi adzadziwa bwanji kuti nthawi yoyambiranso yakwana? Kalendala siingamuuze, koma mayeso atatu. Athe kuyenda mwandawala mphindi 30 osamva ululu, athe kudumpha ndi mwendo wodwalawo maulendo 10 osamva ululu, ndipo akadina fupa lisamawawe ngati kale. Amene anasiya msanga angakwanitse zimenezi pa milungu iwiri kapena inayi. Amene anakakamira kuthamanga ndi ululu kwa nthawi yaitali angadikire miyezi.

Gawo lachiwiri: kuthamanga mophatikiza ndi kuyenda

Akakhoza mayeso aja, mayiyu sakubwerera ku makilomita 5 ayi. Akuyamba ndi masiku atatu pamlungu, mwachitsanzo Lamlungu, Lachiwiri ndi Lachinayi, kuti pakati pazikhala tsiku lopuma. Tsiku lopumalo ndi limene fupa limamangidwa. Asankhe malo athyathyathya, monga bwalo la mpira kapena njira yadothi yopanda zigumukire, ndipo aziwerenga mphindi, osati makilomita.

Mlungu woyamba athamange mphindi imodzi, ayende mphindi 4, n'kubwereza maulendo 6. Zonse pamodzi ndi mphindi 30, koma zothamanga ndi 6 zokha. Mlungu wachiwiri athamange mphindi 2 n'kuyenda 3. Wachitatu athamange 3 n'kuyenda 2, ndipo wachinayi athamange 4 n'kuyenda imodzi. Mlungu wachisanu ayese kuthamanga mphindi 20 osaima. Liwiro likhale loti angathe kucheza ndi mnzake akuthamanga.

Chimene chikulamulira ndondomekoyi ndi ululu. Yerekezani muyezo wochokera pa 0, pamene palibe ululu, kufika pa 10, ululu wosapiririka. Kumva kanthu kakang'ono kosapitirira 2 n'kololeka, malinga ngati sikakukula pamene mukuthamanga ndipo katha pofika m'mawa mwake. Tinene kuti Lachiwiri la mlungu wachitatu mayi uja wamva ululu wofika pa 4, ndipo Lachitatu m'mawa msongolo ukuwawabe. Ayenera kupuma mpaka ululuwo utatha, kenako abwerere pa ndondomeko ya mlungu wachiwiri ndi kukhala pamenepo mlungu wathunthu. Kubwerera m'mbuyo mlungu umodzi n'kotsika mtengo poyerekeza ndi mng'alu wa fupa, umene kawirikawiri umaletsa munthu kuthamanga kwa milungu 6 kapena kuposa.

Gawo lachitatu: wonjezerani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi

Akafika pothamanga mphindi 20 katatu pamlungu, ndiye kuti ali pa mphindi 60 pamlungu. Aphunzitsi ambiri a masewera amalangiza kuwonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 mlungu uliwonse. Mlungu wotsatira zikhale mphindi 66, kenako 72 kapena 73. Limeneli si lamulo lokhwima, ndi ndodo yoyendera chabe, koma likusonyeza kusiyana kwake ndi kulumpha kuchoka pa makilomita 6 kufika pa 30. Ayambe ndi kutalikitsa nthawi, liwiro libwere pambuyo pake, ndipo zitunda ndi zitsetso zikhale zomalizira. Asawonjezere ziwiri mlungu umodzi.

Kaponyedwe ka mwendo nakonso ndi kofunika. Ongoyamba kumene ambiri amatambasula mwendo patali, chidendene n'kumenya pansi kutsogolo kwambiri kwa thupi. Yesani kuwerenga mapondedwe anu pa mphindi imodzi. Ngati ndi 156, yesetsani kufika pa 164 pa liwiro lomwelo, poponda pafupipafupi komanso mopepuka. Mukamamva mapazi anu akulira kwambiri pansi, fupikitsani mapondedwe.

Za nsapato, sikuti pakufunika zodula. Nsapato zothamangira nthawi zambiri zimatha mphamvu zikayenda makilomita 500 mpaka 800, ndipo zakaunjika simungadziwe kuti zinayenda mtunda wotani. Musanagule, iikeni nsapatoyo patebulo n'kuiyang'ana chakumbuyo. Ngati yapendekera mbali imodzi, kapena mphira yapakati yachita makwinya ndipo mukaidina siikubwerera, isiyeni.

Chomaliza chikukhudza makamaka amene akuthamanga kuti achepetse thupi, ngati mayi wathu uja. Fupa silingamangidwe popanda zipangizo. Kudzimana chakudya kwambiri kwinaku mukuwonjezera masewera kumafooketsa mafupa, ndipo mayi amene wasiya kusamba pa nthawi yotere, koma si woyembekezera, ayenera kuonana ndi dokotala. Mkaka, soya, nyemba ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe zimapereka kashiamu, ndipo kadzuwa kamathandiza thupi kupanga vitamini D.

Kuphatikiza milungu itatu yopuma ndi isanu yoyambiranso, mayi uja atenga pafupifupi miyezi iwiri kuti afike pothamanga mphindi 20 popanda ululu. Nthawi imeneyi ingaoneke yaitali kwa munthu amene anafikapo pa makilomita 5 pa mlungu wachitatu. Koma dokotala sanamuuze kuti athamange milungu itatu. Kuti magazi aziyenda bwino, ayenera kukhala akuthamangabe chaka chamawa ndi zaka zotsatira, ndipo zimenezi zidzatheka ngati liwiro la maphunziro ake likutsatira fupa, osati mapapo.