Mphika wamagetsi wopsereza mpunga: vuto limayambira pa kachitsulo ka pakati

Mphika wamagetsi wophikira mpunga sudziwa nthawi, ndipo sudziwa ngati mpunga wapsa. Chimene umadziwa n'chimodzi chokha: kutentha kwa pansi pa poto wake wamkati. Tikamvetsa zimenezi, sitivutika kupeza chifukwa chimene mpunga ukupserera pansi, kapena chimene swichi ikukanira kuchoka pa COOK kupita pa WARM. Pano tikunena za miphika wamba ya swichi imodzi yotsindikiza, osati ija ya mabatani ambiri.

Mmene sensa imagwirira ntchito

Tikatulutsa poto wamkati, timaona mbale yachitsulo imene imatentha, ndipo pakati pake pali kachitsulo kozungulira kotumphuka pang'ono. Kachitsulo kameneka ndiko sensa. Kali pa sipuling'i imene imakakankhira m'mwamba kuti kazikhudza pansi pa poto nthawi zonse. M'kati mwake muli maginito ndi kachidutswa kena kamene maginitoyo amamatirirako tikatsindikiza swichi. Kachidutswako kali ndi khalidwe lachilendo: kakatentha kupitirira pang'ono madigiri 100, kamaleka kukokedwa ndi maginito. Pamenepo maginito amataya, sipuling'i imafwamphuka ngati msampha, ndipo swichi imalumphira pa WARM.

Chimene chimachedwetsa msamphawo ndi madzi. Madzi owira sapitirira kutentha kwa kuwira kwawo, ngakhale moto ukule bwanji. Moto wonse umathera kuwasandutsa nthunzi. Kumalo otsika a m'mbali mwa nyanja zazikulu madzi amawira pa madigiri 100, koma kumalo okwera monga Lusaka ndi Chipata amawira pafupifupi pa madigiri 96. Choncho madzi akadali m'poto, sensa siifika pa mlingo wake. Akangotha, ena atamwedwa ndi mpunga ena atauluka, pansi pa poto pamatentha msanga, ndipo swichi imadumpha. Tinkhoko tochepa totuwira pansi si matenda ayi. Koma nkhoko zakuda ndi fungo la kupserera zimasonyeza kuti uthenga wa kutenthawo ukufika mochedwa ku sensa, kapena sukufika konse.

Zimene zimachedwetsa uthengawo

Choyamba ndi litsiro. Njere imodzi ya mpunga ikagwera pa mbale yotentha, kapena thovu losefukira likaumira pa sensa, poto sakhudzanso sensa bwinobwino. Pansi pa poto pamakhala patatentha kale, koma sensa ikumvabe kutentha kochepa, ndiye moto umapitirira. Chachiwiri ndi poto wopindika pansi chifukwa chogwa kapena choikidwa pa mbaula. Poto wobwereka ku mphika wina amachitanso chimodzimodzi, pakuti poto aliyense anaumbidwa molingana ndi mbale yake. Chachitatu ndi sipuling'i yofooka kapena yomatidwa ndi litsiro, imene siikwezanso sensa mpaka kukhudza poto.

Nthawi zina sensa imakhala yabwino, cholakwika chili m'poto. Mpunga wosatsuka umasiya ufa umene umakhazikika pansi n'kupserera msanga. Shuga, mkaka ndi tomato zimachitanso tero. Kutsindikizanso swichi itadumpha kale, pofuna kuti mpunga ufewe, kumangotentha poto wouma. Nakonso kusiya mpunga pa WARM kwa maola ambiri kumaumitsa wapansi mpaka kufiira.

Chitsanzo chimodzi, sitepe ndi sitepe

Tiyeni titenge mphika wa malita 1.8 umene tikuphikamo makapu atatu a mpunga wotsuka. Kapu yobwera ndi mphika imakhala ya mamililita 180, ndipo madzi timathira kufika pa mzere wolembedwa 3 m'kati mwa poto. Mphika wabwino umadumpha patapita mphindi za pakati pa 20 ndi 30. Uwu wathu wadutsa mphindi 35, nthunzi yaleka kutuluka, fungo la kupserera layamba, koma nyale ikadali pa COOK. Popeza muyeso wa madzi unali wolondola ndipo mpunga unatsukidwa, tikayikira mphika, osati wophika.

Poyamba tizula pulagi ndi kudikira kuti mphika uzizire. Kenaka tisindikiza sensa ndi chala. Iyenera kutsika mosavuta ndi kubwerera yokha msanga. Ikatsika mokakamira kapena ikatsalira pansi, tapeza poyambira. Tiyang'ananso pamwamba pake ndi pa mbale yonse. Tikaona chikhakha chabulauni, tichipukute ndi kansalu konyowa kofinya bwino. Chikakana, tichipale mopepuka ndi sandipepa yosalala, kenaka tipukute ndi kuumitsa. Madzi sitithira m'menemo, chifukwa pansi pake pali mawaya.

Tikatero tibwezera poto wopanda kanthu, atauma kunja, ndi kumuzunguliza uku ndi uku. Poto wabwino amakhazikika ndi kutsetsereka mofanana mbali zonse. Akamagwedera ngati tebulo la mwendo waufupi, ndiye kuti wapindika, ndipo mankhwala ake ndi poto wina wa mphika wa mtundu womwewo. Kumuwongola ndi hamala kawirikawiri sikubwezera maonekedwe ake enieni.

Chomaliza ndi kuyesa ndi madzi okha, kuti tisawononge mpunga wina. Tithira theka la kapu ya madzi, tisiya chivundikiro chotsegula, titsindikiza swichi, ndipo tiima pomwepo osachoka. Madzi akadalipo, swichi isadumphe. Akangouma, iyenera kudumpha pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri. Ikatero, vuto linali litsiro, ndipo latha. Mphindi ziwiri zikadutsa poto ali wouma swichi osadumpha, tizule pulagi nthawi yomweyo: vuto lili m'kati.

Malire a zimene tingachite tokha

Vuto la m'kati likhoza kukhala sensa yakufa, kamtengo kachitsulo kolumikiza sensa ndi swichi katapindika, kapena timapazi ta swichi titamatana chifukwa cha kuthetheka kwa magetsi. Timapazito tikamatana, mbale imatenthabe mwamphamvu ngakhale swichi itakwera. Chizindikiro chake ndi madzi amene akupitirira kubwata mphika uli pa WARM, pamene unayenera kumangofunditsa chakudya. Zonsezi ndi ntchito ya wokonza zamagetsi. Sensa imasinthidwa yathunthu, ndipo yatsopanoyo iyenera kukhala ya mphika wa mpunga, yodumpha pa kutentha komweko.

Pali zinthu ziwiri zimene sitiyenera kulola. Choyamba ndi kupanikiza swichi ndi kamtengo kapena kuimanga kuti isadumphe. Chachiwiri ndi kulumikiza waya m'malo mwa fyuzi ya kutentha imene ili m'kati. Fyuzi imeneyi imaduka mphika ukatentha mopyola muyeso, ndipo mphika umafa osayatsa ngakhale nyale. Ikaduka, wokonza asinthe fyuzi ndi kufufuzanso chimene chinaidula, pakuti kawirikawiri sensa ndiyo inayamba kulephera. Mphika wopanda fyuzi, sensa yake ili yolephera, ukhoza kuyatsa nyumba.

Tikumbukirenso za kuthima kwa magetsi. Chimene chimagwira swichi pa COOK ndi maginito, osati magetsi, choncho magetsi akathima swichi imakhalabe pansi, ndipo akabwera mphika umayambanso kutentha wokha, kaya pakhomo pali munthu kaya palibe. Mphika wa sensa yokayikitsa tisausiye pa pulagi tikamapita kumunda: tikweze swichi ndi kuzula pulagi tisanatseke chitseko.