Kaundula ndi mbale ya chindapusa zizigwirizana sabata iliyonse

M'magulu ambiri a banki m'khonde, masheya ndi ngongole amazilemba mosamala, koma K200 ya munthu wochedwa amangoti "tikumbukira". Ndalama zing'onozing'onozi ndizo zimabutsa mkangano tsiku logawana, pamene wina auzidwa kuti anajomba kanayi, iye n'kumalumbira kuti anajomba kamodzi kokha, komanso kunali kumaliro.

Mlembi safunika buku lodula. Kope wamba ndi lokwanira. Atsegule masamba awiri oyang'anizana, kumanzere alembe mayina ndi manambala a mamembala kutsika m'munsi, pamwamba alembe madeti a misonkhano. Pokumana dzina ndi deti pakhale kabokosi, ndipo m'kabokosimo mulowe chizindikiro chimodzi: chongani kwa amene wafika pa nthawi yake, M kwa wochedwa, P kwa amene watumiza kupepesa kovomerezeka, J kwa amene wajomba osanena chilichonse. Kabokosi kasatsale kopanda kanthu, chifukwa kotereko munthu angathe kudzazamo chilichonse pambuyo pake.

Zizindikirozi zimagwira ntchito pokhapokha malamulo a gulu atanena momveka. Kuchedwa kumayamba liti? Mawotchi ndi mafoni amasiyana, choncho njira yosavuta n'kugwirizana kuti mlembi akamaliza kuitana mayina, wofika pambuyo pake wachedwa, ngakhale akhale wapampando. Kupepesa kovomerezeka nakonso kulembedwe: matenda, maliro, kudwazika kuchipatala. Palinso funso limene magulu ambiri amalizemba, la munthu amene watumiza ndalama za masheya kudzera mwa mnzake koma iye osabwera. Ine ndimaona kuti ndalamazo zilandiridwe, koma mwiniyo alembedwe J ngati sanapereke chifukwa. Gulu limadalira maso a anthu oona ndalama zikuwerengedwa, ndipo maso satumizidwa.

Pamene pamasokonekera kwambiri ndi pa tsamba la chindapusa. Kugamulidwa chindapusa ndi kulipira ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chilichonse chikhale ndi danga lake. Mzere uliwonse ukhale ndi deti, nambala ya membala, chifukwa, ndalama zimene wagamulidwa, ndi tsiku limene walipira. Akangolemba "Nambala 7, K500", pakatha miyezi itatu palibe angadziwe ngati K500 ija inalowa m'bokosi kapena ikudikiridwabe.

Tiyerekeze gulu la anthu 20 limene linagwirizana K200 kwa wochedwa ndi K500 kwa wojomba. Lachinayi lino atatu achedwa, mmodzi wajomba, wina wapepesa kuti mwana wagonekedwa m'chipatala. Chindapusa chatsopano ndi K600 ya ochedwa ndi K500 ya wojomba, pamodzi K1,100. Mwa ochedwawo awiri aponya ndalama zawo m'mbale pomwepo, wachitatu wati alibe, abweretsa sabata yamawa. Nambala 7, amene anajomba sabata yatha, lero wabwera ndi K500 yake. Ndiye kuti m'mbale muyenera kupezeka K900. Owerenga ndalama awerenge pamaso pa onse, anene mokweza, mlembi naye anene zimene zili m'kope. Kenako awerengetsere zotsala: ngongole yakale ya K500 kuphatikiza K1,100 yatsopano, kuchotsa K900 yolipidwa, kwatsala K700. Ndalama imeneyi iyenera kukhala ndi eni ake odziwika, K200 ya wochedwa uja ndi K500 ya wojomba walero.

M'mbale mukapezeka K700 m'malo mwa K900, bokosi lisatsekedwe. Kawirikawiri si kuba ayi. Mwina mlembi wachonga kuti munthu walipira atangomva "ndikupereka", kapena K200 yagwera m'mbale ya thumba la zadzidzidzi, mwinanso wina watengamo chenje pogula sheya. Anthu akadali pamphasa, aliyense amakumbukira chimene waponya. Pakangopita sabata, palibenso amakumbukira bwino. Zikagwirizana m'pamene ndalamazo ziphatikizidwe ku thumba lobwereketsa, ngati ndi mmene malamulo a gulu amanenera, ndipo zilembedwe kuti zalowa monga chindapusa, zisasakanikirane ndi masheya a munthu.

Polemba agwiritse ntchito bolopeni, osati pensulo. Akalakwitsa adule ndi mzere umodzi kuti zakale zizionekabe, alembe zolondola pambali, wapampando asayine. Kope ligone m'bokosi la maloko atatu limodzi ndi ndalama, lisapite kunyumba kwa mlembi. Izi zimamuteteza iye mwini, chifukwa palibe angadzanene kuti anafufuta J wa mlamu wake usiku. Sabata yotsatira, akatha kuitana mayina, awerenge mokweza amene ali ndi chindapusa chotsala. Amene akukana akane pomwepo, mboni zilipo, ndipo chimene chatsalabe mpaka tsiku logawana chichotsedwe pa gawo la mwiniwake asanalandire.