Moto Ukapsereza Golosale: Dongosolo Lothandiza Wamalonda Kutsegulanso Msanga

Moto wa m'misika umabuka kawirikawiri usiku, eni malonda ali kunyumba, ndipo umafalikira mofulumira chifukwa mabenchi ndi timashopu timakhala tothithikana, tambiri tomangidwa ndi matabwa. Kukacha, anthu amawerengera katundu amene wapsa. Komatu moto umawononga zinthu zitatu: katundu, mabuku a malonda, ndi malo ogulitsirapo. Katundu amene wasanduka phulusa sabwerera. Mabuku ndi malo ndi zimene wamalonda angazikonzekere moto usanabuke, ndipo kukonzekera kumeneko n'kumene kumasiyanitsa amene atsegulenso patatha masiku anayi ndi amene akhale pakhomo miyezi ingapo.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyerekeze za mayi wina amene ali ndi golosale pamsika wa khonsolo. Mu golosalemo muli katundu wa ndalama zokwana K1,800,000. Makasitomala 23 anatenga katundu pangongole, ndipo onse pamodzi ayenera kubweza K240,000. Mayiyo nayenso ali ndi ngongole ya K400,000 kwa wogulitsa katundu mopikulitsa. Tsiku limene malonda ayenda bwino, amapeza phindu la K12,000. Zonsezi zinalembedwa m'makope awiri amene amagona mu golosale momwemo, pansi pa kauntala.

Chimene chimatayika kope likapsa

Kope la ngongole likapsa, ngongoleyo siitha mwalamulo, koma umboni wake umatha. Mayi uja angakumbukire mayina khumi kapena khumi ndi awiri, koma sangakumbukire kuti uyu anatenga shuga wa ndalama zingati ndipo anabwezako zingati. Ena mwa angongolewo adzabweza mokhulupirika. Ena adzatchula ndalama yochepa, ndipo iye sadzakhala ndi poyambira kutsutsa. Pamene zili chonchi, wopikulitsa uja kope lake lili bwinobwino kusitolo kwake, ndipo K400,000 yake adzaifunabe yonse. Ngongole ya ku banki mkhonde nayonso imadikira tsiku lake lobwezera. Motero wamalonda amataya umboni wa zimene anthu ayenera kumupatsa, pamene umboni wa zimene iye ayenera kupereka umatsala wonse.

Pali vuto lachiwiri. Apolisi, akhonsolo, kampani ya inshuwalansi kapena bungwe lobwereketsa ndalama onse amafunsa funso limodzi: kodi munapsa katundu wochuluka bwanji? Wamalonda amene akuyankha kuchokera m'mutu amakayikiridwa, chifukwa ngozi ikachitika pamapezekanso anthu okokomeza zimene ataya. Amene wabwera ndi malisiti ndi mndandanda wa katundu wokhala ndi deti amamveka msanga.

Kusunga mabuku m'malo awiri

Lamulo lake ndi losavuta: cholembedwa chilichonse chofunika chikhale m'malo awiri amene moto umodzi sungafikeko. Kope limodzi pansi pa kauntala ndi lina pashelefu ya golosale yomweyo ndi malo amodzi. Foni imene imasiyidwa ikutchajidwa mu golosale usiku nayonso ili m'malo omwewo.

Mayi wa m'chitsanzochi angachite motere. Loweruka lililonse, asanatseke, ajambule ndi foni masamba a kope la ngongole ndi la malonda amene alembedwa sabata imeneyo, tsamba limodzi pa chithunzi chimodzi, kunja kukadawala. Ajambulenso malisiti a katundu amene wapikula. Malisiti otuluka m'makina amafufutika akakhalitsa kapena akakhala padzuwa, choncho ndi bwino kuwajambula tsiku lomwelo limene aperekedwa. Kumapeto kwa mwezi awerengere katundu yense, alembe mndandanda wake ndi mitengo yopikulira, kenako ajambule mndandandawo pamodzi ndi mashelefu monga akuonekera.

Zithunzizo zisathere mufoni yake yokha. Azitumize pa WhatsApp kwa m'bale mmodzi wokhulupirika amene amakhala kwina, kapena azisunge pa Google Drive ngati ali ndi akaunti ya Gmail. M'baleyo akhale wosunga chinsinsi, popeza m'zithunzimo muli mayina a anthu ndi ngongole zawo. Amene alibe foni yojambula angagule kope lachiwiri lokhala kunyumba, n'kumakoperamo mayina a angongole ndi ndalama zotsala Loweruka lililonse. Pochita izi, ngakhale moto utabuka Lachisanu usiku, zimene zingasowe umboni ndi za masiku asanu kapena asanu ndi limodzi okha.

Mapepala amene sasintha sabata ndi sabata amafuna kujambulidwa kamodzi kokha: laisensi ya bizinesi, pepala la nambala ya msonkho ya ku MRA kwa amene analembetsa, mgwirizano wa lendi, mapepala a ngongole ndi a inshuwalansi, komanso chiphaso cha unzika. Laisensi imayenera kuonekera pamalo a malonda, choncho kunyumba kukhale fotokope yake. Ndalama zimene zimadutsa pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena ku banki zili ndi ubwino wakuti mbiri yake imasungidwa ndi kampaniyo, ndipo mwini wake angaipemphe. Ngati foni yapsa, nambala yomweyo imabwezeretsedwa pa simu ina mwini wake akaonetsa chiphaso cha unzika, malinga ngati nambalayo inalembetsedwa m'dzina lake.

Njira imeneyi imalephera m'malo atatu odziwika. Zithunzi zimatuluka zosaoneka bwino moti manambala sawerengeka. M'bale uja satsegula zithunzizo chifukwa chosowa bandulo, kapena amazifufuta foni ikadzaza. Mwini malonda amaiwala mawu achinsinsi a akaunti yake ya Gmail. Kuti adziwe ngati zinthu zili bwino, kamodzi pamwezi atenge foni ya m'baleyo, atsegule chithunzi cha sabata yatha ndi kuwerenga dzina limodzi ndi ndalama yake. Akalephera kuwerenga, ndiye kuti palibe chimene wasunga.

Malo ena ogulitsirapo

Tsiku lililonse limene golosale ili yotseka, mayi uja akutaya K12,000. Akakhala masiku 60 akudikira kuti msika ukonzedwe, wataya K720,000 kuwonjezera pa katundu amene anapsa, ndipo makasitomala ake azolowera kugula kwina. N'chifukwa chake malo ongoyembekezera amakambidwa zinthu zikadali bwino. Moto ukachitika, amalonda onse okhudzidwa amafuna malo tsiku limodzi, ndipo eni nyumba amakweza lendi.

Wamalonda akhale ndi malo awiri m'maganizo. Oyamba angakhale khonde kapena chipinda cha kunyumba kwake, ngati mwini nyumba ndi malamulo a deralo alola. Achiwiri angakhale mbali ya shopu ya mnzake imene ili kunja kwa msikawo. Mnzake wa mzere womwewo sangathandize, chifukwa moto umodzi ungawakhudze onse. Awiriwo agwirizane zinthu zitatu ndi kuzilemba papepala pamaso pa mboni: malo ake ndi ati, lendi ndi zingati pasabata, ndipo adzakhalapo kwa nthawi yaitali bwanji. Malowo akhale otsekeka ndi loko, osadontha, ndiponso apafupi moti makasitomala akale angayende pansi kukafikako.

Kuyala katundu m'mbali mwa msewu si yankho, chifukwa malamulo a makhonsolo salola malonda m'malo osavomerezeka, ndipo katundu wotsala yekhayo angalandidwe. Laisensi imaperekedwa potengera malo, choncho wosamuka adziwitse ofesi ya khonsolo asanatsegule. Ogulitsa zakudya ayembekezere kuti alangizi a zaumoyo adzafuna kuona malo atsopanowo.

Pali mfundo ina imene ambiri amaizindikira mochedwa. Msika ukapsa, mndandanda wa okhudzidwa umayambira m'kaundula wa msika. Amene akugulitsira pa benchi lolembedwa m'dzina la munthu wina angapezeke kuti dzina lake mulibe, ngakhale katundu amene wapsa ndi wake. Wamalonda aliyense apite kwa mkulu wa msika kukaona ngati dzina lake linalembedwa, ndipo azisunga kunyumba matikiti a msonkho wa msika.

Ndalama yoyambiranso

Malo opanda katundu sathandiza. Koma mayi uja safunika K1,800,000 kuti atsegule. Kope la malonda limamuuza zinthu khumi zimene zimayenda tsiku ndi tsiku, monga shuga, mafuta ophikira, sopo, mchere ndi mazira. Tiyerekeze kuti katundu wotere wokwanira masiku atatu ndi wa K250,000. Akamapatula K1,000 patsiku kwa masiku asanu ndi limodzi pasabata, amafika K252,000 m'masabata 42. Ndalamayo ikhale ku banki kapena pa akaunti ya pafoni, chifukwa yobisidwa m'chitini mu golosale imapsera limodzi ndi katundu.

Amene ali ndi inshuwalansi aonetsetse kuti analembetsa mtengo weniweni wa katundu. Mapangano ambiri amati wolembetsa theka la mtengo amalipidwanso theka la zimene wataya. Mayi uja atalembetsa K900,000 yokha, ndipo moto n'kuwononga katundu wa K1,000,000, angalandire K500,000.

Masiku atatu oyambirira

Tsiku loyamba, wamalonda asalowe m'malo opsawo kufikira apolisi kapena ozimitsa moto atalola, popeza makoma amakhala ofooka ndipo mawaya a magetsi angakhale akadali ndi mphamvu. Ajambule malowo asanachotse kanthu, akanene ku polisi kuti adzapeze lipoti, alembetse kwa mkulu wa msika, ndipo ngati ali ndi inshuwalansi adziwitse kampaniyo tsiku lomwelo. Zakudya zimene zakhudzidwa ndi utsi, kutentha kapena madzi ozimitsira moto zisagulitsidwe, ngakhale paketi ikuoneka yabwino.

Tsiku lachiwiri, atenge zithunzi za makope kwa m'bale uja ndi kukopera ngongole zonse m'kope latsopano. Kenako apite yekha kwa wopikulitsa ndi ku banki mkhonde, asanamufunefune, kukapempha kuti masiku obwezera awonjezedwe. Wobwereketsa amene waona mndandanda wa angongole 23 ndi K240,000 yawo, komanso wamva kumene malonda apitirire, amakhala ndi chifukwa chodikira.

Tsiku lachitatu, apikule zinthu khumi zija, ayale pamalo ongoyembekezera, ndi kuuza makasitomala kumene ali kudzera pafoni ndi pachikwangwani choikidwa pafupi ndi malo akale. Angongole awakumbutse mwaulemu, powaonetsa tsamba limene pali dzina lawo. Pamalo opsawo asamangepo chilichonse khonsolo isanavomereze.

Dongosolo lonseli limakwana pa tsamba limodzi: dzina la wosunga zithunzi, malo awiri ongoyembekezera, zinthu khumi zoyambira, kumene kuli ndalama, ndi manambala a foni a mkulu wa msika, wopikulitsa ndi apolisi. Tsambalo likhale kunyumba, ndipo munthu wina wa m'banjamo adziwe pamene lili, chifukwa moto ungabuke mwini malonda ali paulendo. Mitengo ikasintha, kapena mnzake wa shopu uja akasamuka, tsambalo lilembedwenso.