Kalata yopempha tchuthi chokalandira chithandizo cha mowa

Ambiri polemba kalatayi amachulutsa zopepesa, n'kuiwala masiku. Chonsecho bwana amafuna zitatu: mupita liti, mubwera liti, ndipo ntchito yanu atsala nayo ndani.

Tinene kuti dokotala wakulemberani milungu inayi yogonekedwa ku Saint John of God ku Mzuzu. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa wantchito amene wakwanitsa chaka milungu inayi ya tchuthi chodwala pa malipiro onse, bola pakhale chikalata cha dokotala. Choncho pemphani tchuthi chodwala, osati chopuma, ndipo chikalatacho chipite limodzi ndi kalata.

Musalembe lonjezo lakuti simudzalawanso. Kuyambiranso kumachitika, ndipo kalatayo imasungidwa m'faelo. Koma lembani msanga, mlandu wojomba usanayambe.