Mwana Akafunsa Kuti, "Ababa Abwera Liti?"

Chaka chatha mlamu wanga anamwalira pa komboni ina kuno ku Beatrice, n'kusiya ana atatu. Wamng'ono, mtsikana wa zaka 4, tinamuuza kuti bambo ake apita kumudzi ku Malawi. Tinkayesa tikumuteteza. Koma madzulo alionse ankathawira kumsewu waukulu wa ku Harare kukadikira basi. Pamenepo ndinaphunzira kuti mwana ayenera kumva mawu oti "amwalira", koma m'njira yogwirizana ndi msinkhu wake.

Mwana wosapitirira zaka 5 sadziwa kuti womwalira sabwerera. Mukamuuza kuti "apita", amadikira. Mukati "agona", amaopa tulo. Choncho mayi ake anamukhazika pamwendo nati, "Mwanangu, ababa amwalira. Thupi lawo lasiya kugwira ntchito. Sakupuma, sakumva njala kapena ululu, ndipo sabweranso." M'mawa mwake anafunsanso, ndipo anayankhidwa chimodzimodzi. Kufunsa mobwerezabwereza si kupusa, ndi mmene mwana amamvetsera. Za kumwamba muzimuuza ndithu monga mwa chikhulupiriro chanu, koma zibwere pambuyo pa mawu amenewa.

Wa zaka 6 mpaka 9 amayamba kuzindikira kuti imfa ndi yosabwerera, koma kawirikawiri amadziimba mlandu. Mnyamata wathu wa zaka 8 anasiya kudya nsima. Nditacheza naye tikusenda chimanga, anaulula kuti anakana kukatunga madzi kumjigo bambo ake atamutuma, ndiye ankaganiza kuti ndi iye anawapha. Ndinamuuza kuti, "Iwe sunalakwe. Ababa anadwala matenda aakulu, osati chimfine chimene umadwala iwe." Nkhani za ufiti tisamazikambe ana akumva, chifukwa zimawonjezera mantha.

Wamkulu, wa zaka 14, ankamvetsa zonse. Nkhawa yake inali ina: nyumba ya pafamu imayendera ntchito, nanga tikakhala kuti? Fizi alipira ndani? Mwana wotere muuzeni zimene akuluakulu agwirizana, ndipo pamene simunagwirizane, nenani kuti zikukambidwabe. Musamuuze kuti "tsopano ndiwe mayi wa pakhomo". Nayenso ndi wofedwa.

Za kumanda, mufotokozereni mwana zimene akaone, bokosi ndi kulira kwa anthu, kenako asankhe yekha. Akafuna kupita, pakhale wamkulu womugwira dzanja. Pogawa katundu, mumusungireko chithunzi kapena chipewa.

Kukodza pogona, kukakamira mayi, ngakhale kusewera tsiku la maliro, n'zachilendo ayi. Koma ngati papita miyezi ingapo mwana sakudya, sakugona, akukana sukulu, pitani naye kuchipatala. Akanena zofuna kudzipha, musadikire ngakhale tsiku limodzi. Nambala ya Childline ndi 116, ndipo kuimba kwake n'kwaulere.

Mtsikana uja anasiya kupita kumsewu. Masiku ano amati, "Ababa anamwalira, koma chipewa chawo ndili nacho."