Chithunzi cha pa foni chingakuuzeni matailosi okwanira chipinda, koma musaiwale oduladula

Tiyerekeze kuti komiti yanu ya zaumoyo yagwirizana zoika matailosi m'chipinda chomwe ana amakwerera sikelo, kapena m'bale wanu wa ku Joni wati, "Nditumizireni chithunzi cha chipindacho, ndione ndalama zoti nditumize." Kodi chithunzi chingakuuzeni chiwerengero cha matailosi? Chingathe, koma mwa pafupifupi chabe. Mukaperewera, ntchito imaima chipinda chisanathe, ndipo mtundu womwe munagula mwina simukaupezanso. Mukachulutsa, ndalama ya simenti yathera m'makatoni ongokhala.

Chithunzi chilibe muyeso

Kamera imachepetsa zinthu zakutali ndi kukulitsa zapafupi. N'chifukwa chake chithunzi chojambulidwa pakhomo, choonetsa pansi ponse, chimanamiza: mbali ya kutali imaoneka yopapatiza pomwe ndi yofanana ndi ya pafupi. Musayeze pansi pa chithunzi chotero. Yezani makoma, chifukwa utali wa khoma ndi womwewonso wa pansi.

Pakufunika zithunzi ziwiri, china cha khoma la m'litali, china cha khoma la m'lifupi. Wojambula aime pakati, moyang'anizana ndi khomalo, foni ili chopingasa komanso yosapendekeka, ndipo makona onse awiri aoneke. Kamera ikhale pa 1x, osati pa 0.5x, chifukwa 0.5x imatambasula zinthu za m'mphepete mwa chithunzi.

Chachikulu n'chakuti pa khomalo pakhale chinthu chomwe kukula kwake mukukudziwa. Chikhale pakhoma penipeni. Mpando womwe uli pakati pa chipinda sungathandize, poti uli pafupi ndi kamera ndipo ukuoneka waukulu kuposa mmene ulili.

Tiyeze chipinda chimodzi

Pa chithunzi choyamba pali khoma lokhala ndi chitseko. Zitseko zambiri za m'zipinda zimakhala pafupifupi masentimita 80 m'lifupi, koma za akalipentala zimasiyana, choncho pemphani wina ayeze ndi lula ya mwana wa sukulu. Tinene kuti chapezeka 80.

Tsopano ikani lula pa galasi la foni yanu. Chitseko chikuoneka masentimita 2, khoma lonse masentimita 9. Musakulitse chithunzi pakati pa miyeso iwiriyi. Gawani 9 ndi 2, mupeza 4.5, kutanthauza kuti zitseko zinayi ndi theka zingandandalikane pa khomalo. Chulukitsani 4.5 ndi 80. Khomalo ndi masentimita 360, kapena mamita 3.6.

Pa chithunzi chachiwiri palibe chitseko, koma khomalo ndi la mabuloko a simenti ndipo silinapakidwe pulasitala. Apa zaphweka, chifukwa mungowerenga. Buloko wamba pamodzi ndi simenti yolumikizira imatalika pafupifupi masentimita 40. Mukawerenga mabuloko 10 ndi theka pa mzere umodzi, khomalo ndi masentimita 420, kapena mamita 4.2. Kuwerenga zinthu zobwerezabwereza motere n'kodalirika kuposa kuyeza pa foni, chifukwa ngakhale chithunzi chipendekeke, chiwerengero sichisintha. Njerwa zootcha zoumba pamanja zimasiyana kukula, ndiye muyambe mwayeza njerwa khumi zondondozana.

Kuchoka pa mamita kufika pa matailosi

Chulukitsani 3.6 ndi 4.2. Pansi ponse ndi masikweya mita 15.12. Mukasankha matailosi a masentimita 40 mbali zonse, tailosi imodzi imaphimba 0.16 ya sikweya mita. Gawani 15.12 ndi 0.16, mupeza 94.5, ndiye kuti matailosi 95. Timipata ta mamilimita ochepa tomwe mmisiri amasiya pakati pa matailosi musativutikire pa kuyerekeza kotere.

Koma 95 ndi chiwerengero cha pa pepala. Chikuganiza kuti kachidutswa kalikonse kagwira ntchito ndipo palibe tailosi yomwe isweke. Kuti muone pomwe matailosi amatayikira, werengani m'mizere. Mbali ya 360 ikulowa matailosi 9 ndendende. Mbali ya 420 ikulowa 10, n'kutsala mpata wa masentimita 20. Mpatawu ndi theka la tailosi, choncho tailosi imodzi yodulidwa pakati itseka malo awiri, ndipo matailosi 5 akwanira mzere wonse womaliza.

Khomalo likanakhala masentimita 430, mpata ukanakhala 30. Pamenepo malo aliwonse mwa 9 aja akanadya tailosi yathunthu, n'kusiya kachidutswa ka masentimita 10 komwe sikangatseke mpata wina wa 30. Lamulo lake ndi ili: mpata wotsala ukaposa theka la tailosi, werengani tailosi yathunthu pa malo aliwonse.

Onjezani za kudula

Matailosi ena amasweka podula, ena amafika atathetheka m'makona chifukwa cha mabampu a pamsewu, ndipo makoma ambiri sakhala owongoka bwinobwino. Pa chipinda cha makona anayi chomwe matailosi akuyalidwa motsata khoma, amisiri amaonjezera 10 pa 100 aliwonse. Pa 95 aja onjezani 10, akhale 105. Ngati akuyalidwa mopingasa, kapena chipinda chili ndi nsanamira, mapaipi ndi makona ambiri, onjezani 15 pa 100 aliwonse, chifukwa zodula zimachuluka.

Matailosi amagulitsidwa m'makatoni, ndipo chiwerengero cha m'kati chimalembedwa pa katoni. Ngati muli 12, gawani 105 ndi 12. Mupeza 8.75, ndiye mugula makatoni 9, omwe ndi matailosi 108. Ngati mukufunanso timizere ta matailosi tozungulira m'munsi mwa khoma, tiwerengereni padera. M'chipinda chino tingadye katoni ina imodzi.

Pomwe chithunzi chimalakwitsa

Bwererani ku chitseko chija. Bwanji ngati pa foni chinali masentimita 1.9 koma inu munawerenga 2? Kusiyanako ndi milimita imodzi yokha, koma 9 kugawa ndi 1.9 kenaka kuchulukitsa ndi 80 kumapereka masentimita 379, osati 360. Chipindacho chikufuna matailosi 100 musanadule n'komwe, ndipo theka la zomwe munasungira kudula latha kale.

Choncho ndalama ya kudula ndi ina, ya kulakwitsa kwa chithunzi ndi inanso. Polemba bajeti kuchokera pa chithunzi, onjezani katoni imodzi pamwamba, akhale 10. Mutha kudziwanso ngati chithunzi n'chokayikitsa. Mzere wa denga ndi wa pansi ukhale woyendera limodzi. Ngati ikuyandikirana mbali imodzi, wojambula anaima chammbali, ndipo ajambulenso. Yesaninso muyeso wanu pa chinthu china: zitseko zambiri zimatalika pafupifupi mamita awiri, ndiye ngati masamu anu akupereka mamita awiri ndi theka, penapake palakwika.

Chithunzi chikuthandizeni kudziwa ndalama zosonkha kapena zopempha. Tsiku logula lisanafike, wina ayeze makoma onse anayi ndi tepi, ndipo pa makoma awiri oyang'anizana mutenge muyeso wokulirapo. Kusitolo, onetsetsani kuti nambala ya mtundu yolembedwa pa makatoni ndi yofanana pa onse, chifukwa matailosi a dzina limodzi opangidwa nthawi zosiyana amatha kusiyana maonekedwe. Otsala musagulitse. Sungani asanu kapena asanu ndi imodzi, kuti tailosi ina ikadzasweka mudzakhale ndi yofanana nayo yolowetsa m'malo.